Kalembedwe ka uthenga wa maliro ndi kupempha chipepeso pa gulu la banja

Munthu akamwalira masiku ano, nkhani imatha kufika ku Joni thupi lisanatuluke m'chipinda cha odwala. Pafupifupi banja lililonse lili ndi gulu lake pa WhatsApp, ndipo amene ali pafupi ndi zovutazo amafuna kulembapo msanga kuti abale adziwe komanso ayambe kusonkha. Kufulumirako n'komveka chifukwa maliro sadikira. Koma uthenga umenewu umanyamula zinthu ziwiri zolemera, imfa ndi ndalama, ndipo ukalembedwa mwaphuma umabala mikangano imene imatsala malemu ataikidwa kale m'manda. Pano titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Tiyerekeze kuti malume anu amwalira usiku pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, amakhala ku Area 25, kwawo ndi ku Dedza, ndipo abale akusankhani inu, mwana wa mlongo wawo, kuti mulembe.

Musanalembe kalikonse, imbani foni

Pa gulu mulembepo pomalizira. Pali anthu amene sayenera kumva za imfayi powerenga pa foni: akazi a malemu ngati sanali kuchipatalako, ana awo, makolo awo ngati adakali moyo, abale awo a bere limodzi, ndi mwinimbumba. Amenewa auzidwe pakamwa. Kwa agogo okalamba, kapena aliyense amene amadwala matenda a kuthamanga kwa magazi kapena mtima, ngakhale foni si yabwino. Imbirani munthu wokhwima maganizo amene ali nawo pafupi, apite akakhale nawo pansi ndi kuwauza bwinobwino. Mwana wa malemu amene ali kusukulu yogonera konko auzidwe kudzera kwa aphunzitsi akulu, kapena wina akamutenge. Amene ali paulendo akuyendetsa galimoto adikire kaye afike.

Njira yosavuta ndi kutsegula mndandanda wa anthu a pa gulupo ndi kuyang'ana dzina lililonse, n'kudzifunsa ngati munthuyo angamve nkhaniyi powerenga popanda vuto. Mupeza kuti mwa anthu makumi anayi, mwina asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri okha ndi amene akufunika foni. Gawanani, wina aimbire awa, wina awo. Kumbukiraninso amene sali pa gulupo chifukwa alibe foni ya WhatsApp, makamaka akuluakulu a kumudzi. Iwowa akamva nkhani kwa mwana wa anansi amene waiona pa foni, mlandu umayambira pomwepo, ndipo si wabodza.

Kumudzi kuli dongosolo lake limene foni sinalichotse. Amfumu amauzidwa ndi akuluakulu a banja, osati ndi uthenga wongowatumizira. Iwo ndi amene amalola kuti maliro alengezedwe m'mudzi, amapereka malo kumanda, ndipo adzukulu sangagwire khasu iwo asananene. Choncho musalembe tsiku loika maliro mwinimbumba asanakuuzeni kuti akumana ndi amfumu. Ngati pali kukambirana pakati pa akuchimuna ndi akuchikazi za kumene malemu akagone, nkhaniyo ithe kaye pakati pa ankhoswe ndi eni mbumba. Mukalemba kuti maliro akaikidwa ku Dedza pamene akazi awo ndi ana akuganiza za manda a m'tauni, mwatenga mbali pa nkhani imene si yanu.

Pamene mafoni akuimbidwa, pemphani amene akudziwa kale kuti asaike chithunzi cha malemu pa sitetasi. Ambiri amamva za imfa ya m'bale wawo poona chithunzi chokhala ndi kandulo pa sitetasi ya msuweni. Ngati ndinu adimini ndipo mukuopa kuti wina ayamba kulemba, mukhoza kutseka gulu kwa kanthawi kuti olemba akhale maadimini okha. Pa WhatsApp zimenezi zili pa Group permissions, pamene pali Send messages. Mudzatsegula uthenga wanu ukangotuluka.

Uthenga woyamba ukhale wa imfa yokha

Apa ndipo ambiri timaphonya. Timafuna kuika zonse mu uthenga umodzi, mzere woyamba kunena kuti malume atisiya, mzere wachitatu nambala ya Airtel Money. Wowerenga asanapume n'komwe ndi nkhaniyo, waona kale kuti akufunidwa ndalama. Ine ndimaona kuti ndi bwino kulemba mauthenga awiri. Woyamba ndi wodziwitsa basi. Wachiwiri, wa chipepeso, utuluke patapita maola angapo, banja litakhala pansi ndi kuwerengera. Kupatula ulemu, palinso chifukwa china: pa ola loyamba simudziwa kuti pakufunika zingati, ndiye mungapemphe chiyani?

Uthenga woyamba mu chitsanzo chathu ungakhale wotere:

"Abale nonse, akuluakulu ndi ana, pepani ndi nthawi ino. Ndatumidwa ndi malume aakulu a ku Dedza kuti ndikudziwitseni kuti tili ndi zovuta. Malume athu a Uje, a ku Area 25, atisiya usiku wapitawu cha m'ma 11 koloko pa chipatala cha Kamuzu Central, atadwala kwa kanthawi. Thupi lili kumochale ya pachipatalapo. Anthu akusonkhana kunyumba kwa malemu ku Area 25. Za tsiku lonyamuka ndi loika maliro tikuuzani akuluakulu akamaliza kukambirana masana ano. Pepani amayi a kunyumba, pepani ana, pepani tonse. Ndine Uje, mwana wa mayi Uje."

Mawu oti "ndatumidwa" ndi ofunika kwambiri. Akusonyeza kuti mawuwa si anu, ali ndi mwini wake, ndipo amene ali ndi funso lolemera akudziwa kolipereka. Mwana sangodzuka ndi kulengeza maliro a malume ake. Tchulani amene wakutumaniyo ndi mmene banja limawatchulira.

Dzina la malemu lilembedwe lonse, pamodzi ndi kumene amakhala. Pa gulu la banja munthu mmodzi ndi malume kwa inu, bambo kwa wina, agogo kwa wina, alamu kwa winanso. Mukangolemba kuti "malume atisiya", ndiye kuti aliyense aganizira malume ake, ndipo ena ayamba kulira munthu wamoyo. M'mabanja mwathu mayina amabwerezabwereza, choncho ngati alipo awiri a dzina limodzi, onjezani dzina la mwana wawo woyamba kapena la mfunda.

Za matenda, nenani zochepa. "Atadwala kwa kanthawi", "atadwala nthawi yaitali", "mwadzidzidzi", "pa ngozi ya galimoto", n'zokwanira. Dzina la matenda ndi la akazi awo ndi ana kuti alinene ngati akufuna. Uthenga wa pa gulu sukhala pa gulu pokha, umatumizidwa kumpingo, kuntchito, ku gulu la anzawo a kusukulu, ndipo zimene mwalemba simungazibwezenso. Ngati imfayo ili m'manja mwa apolisi, ingonenani kuti thupi likudikira kupimidwa ndipo tsiku lidziwika pambuyo pake. Musaikepo maganizo anu a chimene chachitika. Chithunzi cha malemu ali pabedi la kuchipatala kapena atamwalira kale chisaikidwe. Ngati pafunika chithunzi, funsani ana asankhe okha.

Lembani tsiku ndi dzina lake komanso deti, osangoti "mawa". Amene ali kumudzi kovuta netiweki adzatsegula foni mkuja, ndipo kwa iye "mawa" likhala tsiku lina. Onjezaninso uthenga wa mawu wonena zomwezo, mwachidule ndi modekha, chifukwa pa gulu pali azakhali amene maso adafooka kapena amene kuwerenga kumawavuta. Koma uthenga wa mawu usalowe m'malo mwa wolembedwa. Nambala ya foni ndi dzina la mudzi sizikopereka kuchokera m'mawu.

Ngati malemu anali Msilamu, nthawi imeneyi imafupika kwambiri chifukwa maliro amaikidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira. Pamenepo mauthenga awiriwa akhoza kutsatizana pafupipafupi, kapena kukhala umodzi, koma dongosolo lake ndi lomwelo: imfa poyamba, malo ndi nthawi, ndalama pamapeto.

Werengerani musanapemphe

Pakati pa uthenga woyamba ndi wachiwiri pakhale kamsonkhano, ngakhale ka anthu anayi ataima kuseri kwa nyumba ya siwa. Pakhale mmodzi wa ana a malemu, woimira akuchimuna, woimira akuchikazi, ndi amene ati asunge ndalama. Funso loyamba si loti tisonkhe zingati, koma loti chilipo kale n'chiyani. Kodi kuntchito kwa malemu amapereka bokosi kapena galimoto? Mabungwe ndi makampani ambiri amatero, ndipo m'mawa womwewo wina apite kukaonana ndi a ofesi yoona za antchito. Kodi malemu anali ndi inshuwalansi ya maliro, kaya ya kubanki kapena ya kampani ya inshuwalansi? Akazi awo kapena mwana wamkulu angadziwe kumene kuli mapepala. Kodi anali m'banki mkhonde imene ili ndi thumba la zadzidzidzi? Kumpingo, kaya ndi amayi a Mvano, a Dorika kapena a kumphakati, abwera ndi chiyani? Kumudzi kuli chimanga m'nkhokwe kapena matumba m'nyumba? Zonsezi zimachepetsa chiwerengero chimene mupemphe, ndipo zimakutetezani ku manyazi osonkhetsa ndalama ya bokosi kenako anthu n'kuona bokosi likutsika m'galimoto ya kuntchito.

Tiike manambala ongoyerekeza kuti tione kawerengedwe kake. Mitengo yeniyeni mufunse tsiku lomwelo kwa okhoma mabokosi ndi eni galimoto, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizikhalitsa pa mtengo umodzi, ndipo mtengo wa maliro a chaka chatha sungakuthandizeni. Tinene kuti bokosi ndi K450,000, kumochale ndi mankhwala osungira thupi K120,000, galimoto yonyamula thupi kupita ku Dedza K300,000, galimoto ya operekeza K250,000, ndipo chakudya cha ku Area 25 ndi cha kumudzi, kuphatikizapo ndiwo, shuga, mchere, mafuta ophikira, nkhuni ndi kugayitsa, K380,000. Zonse pamodzi ndi K1,500,000. Kuntchito avomera kupereka bokosi, ndiye tachotsa K450,000. Ana a malemu aika K250,000. Yotsala ndi K800,000, ndipo imeneyi ndiyo ipite pa gulu.

Chimene chimakonda kuiwalika ndi ulendo wobwerera. Mwini galimoto akanena mtengo, mufunseni ngati ndi wopita ndi kubwera, ngati mafuta ali momwemo, komanso ngati galimotoyo igona kumudzi. Anthu ambiri asiyidwapo kumudzi maliro ataikidwa chifukwa cha funso limeneli. Chinanso ndi chakudya cha adzukulu, amene amayamba kukumba m'mamawa ndipo amaphikiridwa kwaokha. Pomaliza pali ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti. Mukalandira K800,000 pa foni, simudzagwira K800,000 m'manja.

Kenako mugwirizane ngati mukuika mlingo wa munthu aliyense kapena ayi. Mabanja ena ali ndi lamulo lawo lakale loti pakagwa zovuta nyumba iliyonse imapereka mwakuti. Ngati lilipo, litsateni ndipo mukumbutse anthu kuti ndi pangano lakale. Ngati palibe, tsiku la maliro si tsiku loyambitsa lamulo. Mukhoza kungosonyeza masamu: nyumba makumi awiri zitapereka K40,000 iliyonse ndalamayo ikwana. Wochepekedwa adziwa kuti K10,000 yake ilandiridwa, ndipo wopeza bwino aona yekha kuti ayenera kupitirira. Chimene sindigwirizana nacho ndi kulemba pa gulu kuti a ku Joni ndi a ku Ulaya apereke mwakutimwakuti, kutchula mayina. Ena mwa iwo ali pa maganyu, ena mapepala adatha, ndipo samanena. Ngati mukuyembekezera zambiri kwa wina, muimbireni payekha.

Wosunga ndalama akhale mmodzi

Nambala zikachuluka, ndalama zimasowa popanda wakuba. Wina watumiza kwa mwana wa malemu, wina kwa azakhali, wina kwa inu, aliyense wagulako kanthu, ndipo pamapeto palibe amene angafotokoze. Sankhani munthu mmodzi amene mbali zonse za banja zimamukhulupirira, amene ali pamalo pomwe pali maliro, ndipo foni yake sizimazima. Asakhale mayi wamasiye kapena mwana amene akulira kwambiri. Iwowa sangathe kuyankha mafoni ndi kulemba m'kope, komanso si bwino kuti mawa azidzafunsidwa za ndalama. Pambali pa wosungayo pakhale wachiwiri wolemba, makamaka wochokera mbali ina ya banja.

Munthu mmodziyo akhoza kukhala ndi njira zitatu: Airtel Money, TNM Mpamba ndi akaunti ya kubanki. Pa nambala iliyonse lembani dzina limene limatuluka munthu akamatumiza. Mafoni ambiri adalembetsedwa m'dzina la mkazi, la mwamuna kapena la mchimwene, ndipo wotumiza akaona dzina lachilendo amabwerera m'mbuyo, mwinanso amayamba kukayika. Ngati n'kotheka nambalayo ikhale yopanda ndalama zina za mwini wake, ndipo muonetsetse kuti ilibe ngongole ya pa foni imene ingadule ndalama zolowa. Dziwaninso kuti akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi kutulutsa pa tsiku. Wosungayo afunse kwa ejenti malire ake, ndipo zopereka zikuluzikulu zipite kubanki.

Abale a kunja amatumiza kudzera ku Mukuru ndi makampani ena otere. Apatseni dzina la wolandira monga lalembedwera pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo, osati dzina limene mumamuitana kunyumba. Dzina likasiyana, ndalama imakhala pa kauntala pamene inu mukudikira kulipira galimoto. Ngati ku Joni kuli abale angapo, ndi bwino asonkhe kwa mmodzi wa iwo n'kutumiza kamodzi pamodzi ndi mndandanda wa mayina.

Uthenga wachiwiri

"Abale, zikomo chifukwa cha mawu achipepeso amene mukutumiza. Akuluakulu akumana ndipo dongosolo lili motere. Thupi la malume a Uje lidzatengedwa kumochale Lachinayi pa 14, nthawi ya 10 koloko m'mawa, kupita kunyumba ku Area 25 kukachita mapemphero. Tidzanyamuka 1 koloko masana kupita kumudzi kwa a Uje, Mfumu Yaikulu Kaphuka, ku Dedza. Maliro adzaikidwa Lachisanu pa 15.

Zofunika zonse zikukwana K1,500,000. Kuntchito kwa malemu apereka bokosi, ndipo ana aikapo K250,000. Yotsala ndi K800,000, ya kumochale, magalimoto awiri ndi chakudya. Tikupempha aliyense athandize monga angathere. Ufa, nyemba, nkhuni kapena galimoto nazonso ndi thandizo, mungotiuza.

Wolandira ndi achemwali a Uje okha. Airtel Money: nambala yakuti, dzina lotuluka ndi lakuti. Mpamba: nambala yakuti, dzina lakuti. Kubanki: banki yakuti, akaunti yakuti. Nambalazi sizisintha. Mukalandira uthenga wonena nambala ina, musatumize, imbani kaye. Ya magalimoto ndi kumochale ikufunika pofika Lachitatu madzulo. Mukatumiza, auzeni achemwaliwo kumbali dzina lanu ndi ndalama yake. Tidzafotokoza zonse zolowa ndi zotuluka pa gulu pano maliro akatha. Mulungu atitonthoze tonse."

Uthengawu wanena chimene chapezeka kale usanapemphe chotsala, ndipo zimenezi zimamasula manja a anthu, chifukwa aona kuti eni maliro ayamba okha. Waika tsiku lomalizira ndi chifukwa chake. Popanda tsiku, anthu amati atumiza kumapeto kwa mwezi, pamene mwini galimoto akufuna yake asanalize injini. Watsegulanso khomo kwa amene alibe ndalama. Msuweni amene angabwere ndi ngolo ya nkhuni kumudzi wachotsa mzere wathunthu pa bajeti, ndipo dzina lake liyenera kulembedwa m'kope mofanana ndi wotumiza pa foni.

Pa kalankhulidwe, pewani mawu okalipa. Ziganizo ngati "amene sapereka tidzaonana pa ake" kapena "ena mumangowerenga osayankha" zimatuluka munthu akatopa, koma zikalembedwa zimakhala pomwepo zaka. Aliyense amadziwa kale kuti maliro n'kulirana, safunika kuopsezedwa nazo. Musachulutsenso mavesi ndi tizithunzi ta misozi mpaka nambala kubisika pakati. Vesi limodzi kumapeto ndi lokwanira, ndipo ngati pa banja pali a zipembedzo zosiyana, mawu oti Mulungu atitonthoze amakwanira onse.

Musanatumize, werengani manambala mokweza pamaso pa mwini wake, iye akuyang'ana pa foni yake. Ndi bwinonso kutumizako kandalama kochepa kuti muone dzina limene likutuluka. WhatsApp imalola kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15 zokha, ndipo pofika nthawiyo ena amakhala atautumiza kale kwina. Mukapeza cholakwa mochedwa, fufutani uthengawo, lembani wina woyamba ndi mawu oti "Kukonza", ndipo munene chimene chasintha. Uthenga wolondolawo muukhomere pamwamba pa gulu pogwiritsa ntchito Pin, chifukwa pakangotha ola limodzi umakhala utakwiririka ndi mapepani makumi asanu.

Akuba amawerenganso mauthenga a maliro

Uthenga wanu ukayamba kuzungulira, umafika kwa anthu amene simukuwadziwa. Chimene amachita n'chosavuta: amakopera mawu anu onse, n'kusintha nambala yokha, n'kutumiza kwa anthu ena. Ena amatumiza uthenga wamba pa foni wonena kuti nambala ija yadzaza, tumizani pa iyi. Ndi chifukwa chake mzere woti "nambalazi sizisintha" uyenera kukhalamo. Ngati zitachitikadi kuti nambala yadzaza, musalengeze yatsopano ndi uthenga wolemba wokha. Wosunga ndalamayo alankhule yekha mu uthenga wa mawu, ndipo wamkulu wina atsimikize.

Wosunga ndalama achenjere ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi munthu woimba kuti watumiza ndalama molakwitsa, mumubwezere, atakutumizirani uthenga wonamizira kuti ndalama yalowa. Pa tsiku limene mauthenga a ndalama akulowa motsatizana n'kosavuta kukhulupirira. Onani kaye ndalama yotsala mu akaunti, pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, musanabweze kalikonse. Chachiwiri ndi wopempha manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp yakutumizirani, ati kuti akulowetseni pa gulu la maliro kapena pa msonkhano wa pa foni. Mukampatsa, walanda WhatsApp yanu ndipo ayamba kupempha ndalama m'dzina lanu. Pa chifukwa chomwechi, masiku a maliro musamwaze linki yolowera pa gulu la banja. Anzawo a malemu, a kumpingo ndi a kuntchito alembereni uthenga wawo wapadera, wopanda bajeti ya banja.

Kope, ndi nkhani ya mndandanda

Chilichonse cholowa chilembedwe m'kope nthawi yomweyo: dzina, ndalama, njira imene yadzera. Musadalire mauthenga a pa foni okha. Munthu akatumiza kudzera kwa ejenti, uthenga umabwera ndi dzina la ejentiyo, ndipo pakatha masiku awiri simudzakumbukira kuti K20,000 ya Lachitatu masana inali ya yani. Kope limeneli likhale losiyana ndi la chipepeso cha pamaliro, chimene anthu a m'mudzi, a mpingo ndi anzawo amapereka ndipo chimalengezedwa pamwambo. Zikasakanizika, mpovuta kuzilekanitsa.

Kodi mayina ndi ndalama zake ziikidwe pa gulu? Mabanja amasiyana. Ubwino wa mndandanda ndi woti aliyense amaona kuti yake yafika, ndipo palibe angati ndinatumiza koma sinalembedwe. Kuipa kwake ndi koti umasanduka mpikisano, ndipo wa K5,000 amachita manyazi kuona dzina lake pansi pa wa K200,000, mwina mpaka osatumiza n'komwe. Njira imene ndaiona ikuyenda bwino ndi kulemba mayina a onse amene apereka popanda ndalama zawo, pansi pake n'kuika zonse pamodzi ndi zimene zatsala. Wosunga ndalama amayankha aliyense kumbali kuti yafika mwakuti, ndipo kope lonse limaonetsedwa kwa akuluakulu a mbali zonse. Ngati banja lanu lidazolowera kuona manambala, tsatani zomwezo, koma mulole amene akufuna kuti alembedwe kuti "m'bale wina". Mndandanda wa amene sanapereke usalembedwe.

Ikani chidule chimenechi kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Mwachitsanzo: "Pofika 7 koloko madzulo ano talandira K520,000. Talipira kumochale K120,000 ndi theka la galimoto yonyamula thupi K150,000. Kuti tikwanitse K800,000 kwatsala K280,000." Ngati Lachitatu madzulo lafika ndalama isanakwane, musabwereze pempho lomwelo mokweza mawu. Bwererani kwa akuluakulu muone chimene chingachepe, mwina galimoto ya operekeza ikhale yaing'ono ndipo ena akwere minibasi paokha. Ngati wina wabwereketsa ndalama kuti zinthu ziyende, zilembedwe pa gulu tsiku lomwelo kuti ndi ngongole, ndi ya zingati, ndipo idzabwezedwa kuchokera kuti. Ngongole imene imatulukira maliro atatha anthu amaikana.

Maliro akaikidwa

Pasanathe sabata, makamaka banja lisanabalalike pambuyo pa kusesa, lembani uthenga womaliza. Muthokoze onse, otumiza ndalama, obwera ndi ufa, ophika, ogona pa siwa. Kenako manambala: zolowa zonse, zotuluka mzere ndi mzere, ndi chotsala. Malisiti amene alipo, monga a kumochale ndi a mafuta, ajambulidwe ndi kuikidwa. Zogula pamsika zilibe lisiti, choncho amene adapita kukagula alembe pa pepala ndi kusainira anthu awiri.

Tinene kuti mu chitsanzo chathu mudalowa K870,000, mudatuluka K815,000 kuphatikizapo zodulidwa potapa, ndipo kwatsala K55,000. Wosunga ndalama asagamule yekha kopita ndalama imeneyi, ngakhale ikhale yochepa. Akuluakulu anene ngati ikupita kwa mayi wamasiye, ku fizi ya mwana wamng'ono, kapena isungidwe kudikira chiliza, ndipo pa gulu palembedwe chimene agwirizana, tsiku limene yaperekedwa ndi amene analipo. Zopereka zobwera mochedwa, zimene sizilephera chifukwa ena amadikira malipiro, zilengezedwenso ndi kupita komweko. Mukatero lembani kuti chopereka cha maliro a malume a Uje chatsekedwa, chotsani uthenga uja mudaukhomera pamwamba, ndipo kope mulipereke kwa mwinimbumba. Nkhani za katundu wa malemu, ndalama za kuntchito ndi kalata ya imfa yochokera ku National Registration Bureau zili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo zisayambidwire pansi pa uthenga umenewu.